Koyera, Kotuwa ndi Kwakuda pa Chithunzi cha Ekisire

Chithunzi cha ekisire ndi mthunzi wa zinthu za m'thupi. Makina amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chezacho chimalowa m'thupi mbali imodzi, ndipo chimene chakwanitsa kutulukira mbali inayo chimakagunda filimu kapena mbale yamagetsi yoikidwa kuseri kwa wodwala. Pamene cheza chafika chambiri pamada. Pamene chatsekerezedwa panjira pamakhala poyera. Motero kuyera sikutanthauza kuti pamalopo pali bwino, ndipo kuda sikutanthauza kuti pawola. Mitunduyi imangonena kuchuluka kwa cheza chimene chamezedwa ndi thupi chisanafike kuseri.

Wilhelm Röntgen wa ku Jeremani, yemwe anatulukira chezachi mu 1895, anajambula dzanja la mkazi wake chaka chomwecho. Mafupa anaoneka bwino, mphete inaoneka koposa, koma mnofu unangokhala ngati nkhungu. Kusiyana kumeneku kumachokera pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi mtundu wa maatomu amene apanga chiwalocho. Mnofu ndi magazi zimapangidwa kwambiri ndi maatomu opepuka: haidirojeni, kaboni ndi okosijeni, omwe nambala zawo pa mndandanda wa asayansi ndi 1, 6 ndi 8. Fupa lili ndi kashiamu, yemwe nambala yake ndi 20. Mphamvu yomeza cheza imakwera mofulumira kwambiri nambalayi ikamakula, kotero kuti ikawirikiza kawiri, kumezako kumatha kuwirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake ojambula amadziteteza ndi chovala cha mtovu, umene nambala yake ndi 82. Chachiwiri ndi kuthithikana kwa chinthucho: mpweya uli ndi okosijeni ngati madzi, koma maatomu ake ndi otalikirana, ndiye cheza chimangodutsa. Chachitatu ndi kukhuthala. Nsalu yopyapyala imalola dzuwa kudutsa, koma ikapindidwa kakhumi imatchinga. Mtima ndi mnofu wodzaza magazi basi, wopanda fupa, komabe pa chithunzi umayera pafupifupi ngati nthiti chifukwa cheza chimayenda mtunda wautali mkati mwake.

Madokotala amagawa zimene zimaoneka m'magulu asanu. Mpweya umada bii. Mafuta amatuwa moderako. Mnofu ndi zamadzimadzi zonse zimatuwa mowalirako. Fupa limayera, ndipo chitsulo, monga chipolopolo kapena ndalama imene mwana wameza, chimayera mbee. Gulu lachitatu ndi lomwe limavuta, chifukwa magazi, mafinya, madzi, chiwindi ndi chotupa zonse zimameza cheza mofanana. Ekisire payokha singasiyanitse mafinya ndi magazi.

Pamenepa pakutuluka lamulo limene kuwerenga konse kwa ekisire kumatsamira: malire a chiwalo amaoneka pokhapokha chiwalocho chikagundana ndi china cha gulu losiyana. Mtima umaoneka m'mphepete mwake chifukwa wazunguliridwa ndi mapapo odzaza mpweya. Magazi amene ali mkati mwa mtima saoneka padera, chifukwa iwo ndi mnofu wa mtimawo ndi gulu limodzi.

Chitsanzo chabwino ndi chibayo. Munthu wabwera kuchipatala akutentha thupi, akutsokomola, ndiponso akumva kubaya m'chifuwa chakumanja. Amamuimika chifuwa chitatsamira mbale, makina ali kumsana, n'kumuuza kuti akoke mpweya wambiri ndi kuugwira. Chithunzi chikatuluka, dzanja lamanja la wodwalayo limakhala kumanzere kwa woyang'ana, ngati kuti awiriwo ayang'anizana. Phapo lamanzere ndi lakuda, ndipo muli timizere totuwa tochokera pakati, tomwe ndi mitsempha ya magazi. Phapo lamanja ndi lakuda kumtunda, koma kumunsi, pafupi ndi mtima, kuli chigamba choyera. Timatumba ta mpweya ta pamenepo tadzaza mafinya ndi madzi, ndiye tachoka m'gulu la mpweya n'kulowa m'gulu la mnofu.

Dokotala sasiyira pomwepo. Phapo lamanja lili ndi zigawo zitatu, ndipo chigawo chapakati ndicho chimakhudzana ndi mbali yakumanja ya mtima. Ngati mzere wa mtima mbali imeneyo wafufutika, mtima ndi chigambacho zikuoneka ngati chinthu chimodzi, ndiye kuti matenda ali m'chigawo chapakati. Ngati chigamba chili pamalo omwewo koma mzere wa mtima ukuonekabe bwino, pakati pawo pakadali mpweya, ndipo matenda ali kumbuyo, m'chigawo chakumunsi. Zikatero chimene chimafufutika kawirikawiri ndi mzere wa mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Dokotala wa ku Amereka, Benjamin Felson, ndi amene anatchukitsa njira imeneyi. Ubwino wake ndi wakuti chithunzi chafulati chimauza munthu ngati vuto lili kutsogolo kapena kumbuyo. Nthawi zina mkati mwa chigamba choyeracho mumaoneka tinthambi takuda. Timeneti ndi timapaipi ta mpweya tomwe sitinatsekeke, ndipo tikuoneka chifukwa chakuti zotizungulira zayera.

Kuda kopitirira muyeso nakonso ndi chizindikiro. Mpweya ukatuluka m'phapo n'kukhala pakati pa phapolo ndi nthiti, m'mphepete mwa chifuwa mumada bii popanda timizere ta mitsempha, ndipo malire a phapo lofwapalo amaoneka ngati kamzere kopyapyala koyera. Chifuwa chachikulu chimakonda kudya phapo kumtunda, n'kusiya bowo lakuda lozunguliridwa ndi mkombero woyera. Mpweya wooneka ngati kachigawo ka mwezi pamwamba pa chiwindi, munthu ali chiimire, nthawi zambiri umasonyeza kuti chifu kapena matumbo abooka, pokhapokha ngati wangochitidwa kumene opaleshoni ya m'mimba.

Mitunduyi imathanso kunama. Wodwala akapanda kukoka mpweya wokwanira, mapapo athanzi amayera ngati akudwala. N'chifukwa chake owerenga amayamba awerenga nthiti, ndipo pa chithunzi chabwino zakumbuyo zimaoneka pafupifupi 10. Cheza chikachepa chithunzi chonse chimayera, ndipo chikachuluka pa filimu, zonse zimada mpaka tizigamba tating'ono kusowa. Wodwala wojambulidwa ali pabedi, makina ali kutsogolo, mtima wake umaoneka waukulu kuposa mmene ulili chifukwa uli kutali ndi mbale. Kwa ana, kumapeto kwa mafupa aatali kumakhala mzere wakuda wa chichereechere pamene fupa likukulira, ndipo wosazolowera angauyese kuthyoka.

Zina siziwoneka n'komwe mpaka zitakula. Madzi ozungulira phapo amafunika kufika mamililita pafupifupi 200 kuti aoneke pa chithunzi cha kutsogolo, ndipo fupa limatha kutaya gawo limodzi mwa magawo atatu a kashiamu wake diso lisanaone kusintha. Ziwalo za m'mimba, pokhala za gulu limodzi, zimasokonekerana. Pofuna kuona kummero kapena matumbo, wodwala amamwetsedwa phala la bariyamu, yemwe nambala yake ndi 56, ndipo pofuna mitsempha kapena njira ya mkodzo amabayidwa mankhwala a ayodini, wa nambala 53, kuti njirazo ziyere kwa kanthawi.

Chigamba choyera cha m'phapo lamanja chija chingakhale chibayo, chifuwa chachikulu, magazi kapena chotupa. Chimene chimagamula ndi mbiri ya wodwalayo, kupima makhololo, komanso nthawi. Chibayo chikalandira mankhwala oyenera, chigamba chake chimayembekezeka kuzimiririka, ndipo akuluakulu ena, makamaka osuta fodya, amajambulidwanso pakatha milungu pafupifupi 6. Chigamba chimene chikadalipo pa nthawi imeneyo chimafuna kufufuzidwa ndi njira zina.