Ulendo wa Kanyama Kamene Adokotala Atumiza ku Labotale

Wodwala akachotsedwa kanyama pachotupa kuti kakapimidwe, kaŵirikaŵiri amauzidwa kuti abwerenso patapita milungu iŵiri kapena kuposerapo. Ambiri amadabwa, poti magazi a malungo amapimidwa wodwala ali pomwepo pabenchi. Kusiyana kwake nkwakuti dontho la magazi limayalika lokha pagalasi, pamene nyama ndi yochindikala ndiponso yofeŵa. Kuŵala kwa makina oonera tinthu tating'onoting'ono, otchedwa maikulosikopu, sikungapyole nyama yochindikala, ndipo mpeni sungasende nyama yofeŵa mopyapyala ndithu. Tsono kanyamako kayenera kuyamba kaumitsidwa, kenaka nkusendedwa, pomaliza nkupakidwa utoto.

Tiyeni titsate chitsanzo cha mnyamata amene wakhala ndi mwanabere pakhosi miyezi itatu. Adokotala akukayika pakati pa chifuwa chachikulu cha m'mwanabere ndi khansa, matenda aŵiri amene mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Lolemba m'maŵa achotsa mwanabere mmodzi wa masentimita 2, waukulu ngati suku laling'ono.

Nyama ikangochoka m'thupi imayamba kudzigaya yokha, ndipo m'nyengo yotentha imafulumira kuwonongeka. Nchifukwa chake kanyamako kamamizidwa nthaŵi yomweyo m'madzi a fungo loyabwa m'mphuno otchedwa fomalini. Mphamvu ya mankhwala ameneŵa pa nyama inadziŵika mu 1893, pamene dokotala wina wa ku Jeremani, Ferdinand Blum, anaona kuti khungu la zala zake lauma atawagwiragwira. Fomalini amalumikiza timinofu ta m'kati mwa nyama kuti kalikonse kakhale pamalo pake monga momwe kanaliri m'thupi, ndipo amaphanso tizilombo.

Apa mpamene zinthu zambiri zimalakwika. Fomalini ayenera kuchuluka kakhumi kuposa kanyamako, kapena kupitirira. Mwanabere wa mnyamatayu ndi wa mamililita 4, choncho afunika mamililita osachepera 40, ndiye kuti pafupifupi masupuni aakulu atatu. Chachiŵiri, mankhwalaŵa amaloŵerera pang'onopang'ono, ngati milimita imodzi pa ola, ndipo akamapita m'kati liŵiro lake limachepa. Mwanabere wathunthu akhoza kuuma bwino kunja m'katimo mukuwola. Adokotala osamala amamucheka pakati asanamumize, namusiya m'fomalini pafupifupi tsiku lathunthu. Kanyama kosauma bwino kamadziŵika ku labotale: m'kati mwake mumakhala mofiira ndi mofeŵa, ndipo pagalasi maselo a pakati amaoneka mbuu, osazindikirika. Utoto wabwino chotani sungabweze zimene zawola.

Ngati akukayikira chifuwa chachikulu, adokotala amapatula kachidutswa kena nkukaika m'madzi a mchere a kuchipatala, osati m'fomalini, popeza tizilombo tophedwa sitingameretsedwe kuti tipimidwe. Ndipo inu mukapatsidwa botolo kuti mupite nalo ku chipatala chachikulu, monga zimachitikira nthaŵi zina, musalitsekule, musathiremo madzi, musaliike padzuŵa kapena m'chipinda cha firiji choumitsa madzi. Kalata yake isasiyane ndi botolo. Madzi akatayikira panjira, nenani pofika.

Ma labotale a ntchito imeneyi m'Malaŵi muno ndi oŵerengeka, ndipo akulu ake ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ya pa chipatala cha Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011. Masiku ambiri odikira amathera paulendo ndi pamzere, osati pa ntchito yeniyeniyo.

Tinene kuti botolo lafika Lachitatu. Katswiri amayeza mwanabere, nalemba maonekedwe ake, nadulako zidutswa za mamilimita 3 kapena 4 kuchindikala kwake. Amazitsekera m'kabokosi ka pulasitiki ka ziboo, nalembapo nambala ya wodwala ndi pensulo, chifukwa inki wamba akanasungunuka m'mankhwala otsatira.

Cholinga tsopano nchakuti nyama iloŵedwe ndi phula lotchedwa parafini. Ameneyu si parafini wa koloboyi, koma phula loyera longa la kandulo, losungunuka pa madigiri 56 mpaka 58. Vuto nlakuti nyama ndi yodzaza madzi, ndipo madzi ndi phula sizisakanikirana. Choncho madzi amayamba achotsedwa ndi sipiriti, kuyambira wamphamvu ya 70 pa 100, kukwera pang'onopang'ono mpaka sipiriti wopanda madzi konse. Kudumphira pa wamphamvuyo kumakwinyitsa maselo. Koma sipiriti nayenso sagwirizana ndi phula. Pafunika mkhalapakati, ndiye mankhwala otchedwa zayilini, amene amasakanikirana ndi zonse ziŵiri. Zayilini amatulutsa sipiriti, phula lotentha nkutulutsa zayilini. Makina amasuntha timabokosito usiku wonse, maola 12 kapena kuposerapo. Madzi akatsalira, kanyamako kamakhala phala pakati ndipo kamanyenyeka pampeni. Kakakhalitsa m'phula lotentha kamauma gwaa nkumathetheka.

Lachinayi m'maŵa kachidutswako kamagonekedwa m'kachikombole, mbali yodulidwa itayang'ana pansi, nkuthiridwa phula lina. Likazizira pamatuluka kanjerwa ka phula, nyama ili m'kati.

Kanjerwako kamamangidwa pa makina osendera otchedwa maikulotomu. Katswiri akapukusa chogwirira, kanjerwa kamatsika pampeni wakuthwa kuposa lumo, ndipo pamatuluka timasamba ta mamaikuloni 4. Kuti mumvetse, timasamba 250 totere titasanjikizidwa tingakwane milimita imodzi yokha. Timasambato timatuluka totsatana ngati nsalu yopyapyala ya makwinya, moti ngakhale mpweya wa m'kamwa ukhoza kutiulutsa. Amatiyandamitsa pa madzi ofunda a madigiri 40 mpaka 45 kuti makwinya awongoke, nativuula ndi kagalasi. Madzi akatentha kwambiri phula limasungunuka, nyama nkumwazika. Mpeni ukakhala ndi kadzino, pagalasi pamaoneka mzere wong'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Kagalasiko kakauma, pamakhala palibe chooneka, chifukwa nyama yopyapyala chotere ilibe mtundu. Utoto wake ndi wa madzi, choncho ulendo uja umabwerezedwa chobwerera: zayilini kuchotsa phula, sipiriti kuchotsa zayilini, kenaka madzi. Utoto woyamba ndi hematokisilini, wochokera ku mtima wa mtengo wina womera ku Mexico ndi maiko oyandikana nawo. Pawokha sugwira bwino. Umafunika kukhwimitsidwa ndi kusakanizidwa ndi mchere wa alamu. Umakakamira pa njere ya pakati pa selo lililonse, imene imasunga chibadwa cha munthu. Poyamba njerezo zimaoneka zofiirira, koma zikatsukidwa m'madzi a pampopi kwa mphindi zingapo zimasanduka zabuluu. Utoto wachiŵiri, iyosini, umafiiritsa mbali zotsala za selo. Pomaliza madzi amachotsedwanso, kagalasi kena kopyapyala nkumatidwa pamwamba.

Njere zabuluuzo ndizo zimene dokotala wopima nyama amayang'anitsitsa. Mu khansa ya mwanabere, kaŵirikaŵiri dongosolo la mwanabere limafafanizika, ndipo maselo osakhala bwino amadzaza ponseponse. Pa kagalasi ka mnyamata wathu paoneka zina: malo ofiirira opanda njere, kumene nyama inafa nkusanduka ngati chambiko chouma, atazunguliridwa ndi maselo aakuluakulu a njere zambiri zondandalikana m'mphepete ngati mkanda. Chimenechi ndi chizindikiro champhamvu cha chifuwa chachikulu, koma matenda ena ochepa amaonekanso chomwecho. Dokotala apempha kuti kanjerwa kaja kasendedwenso, kasamba katsopano kapakidwe utoto wina woonetsa tizilombo ta chifuwa chachikulu ngati timitengo tofiira. Zimenezi ziwonjezera tsiku limodzi kapena aŵiri, koma mnyamatayo sadzachekedwanso, pakuti nyama ya m'phula imasungika zaka zambiri pashelefu osawonongeka.