Mayeso a Bayoloje Amayambira pa Tebulo

Teremu ikamapita kumapeto, ofesi ya aphunzitsi imadzaza ndi mapepala akale a mayeso. Wamkulu wa dipatimenti wanena kuti mafunso onse afike Lachisanu, ndiye aliyense akutola funso apa, lina apo, mpaka malikisi akwane. Inenso ndinachitapo zimenezi ndili mphunzitsi watsopano. Ndinaphunzitsa Fomu 3 za kugayidwa kwa chakudya m'thupi kwa masabata anayi, koma pa mayeso mutuwo ndinaupatsa malikisi 5 okha, pamene maselo, amene tinangowadutsa sabata imodzi, anatenga 18. Mtsikana wina atalandira pepala lake anandifunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, nanga zija tinkavutika nazozi zapita kuti?" Ndinasowa chomuyankha.

Mankhwala a vutoli ndi tebulo limene mphunzitsi amajambula asanalembe funso ndi limodzi lomwe. Chotsika m'mbali amalemba mitu imene waphunzitsa. Chopingasa pamwamba amalemba mtundu wa kaganizidwe kamene akufuna kuyesa. Pamene mizere yakumana pamakhala kabokosi, ndipo m'kabokosimo mumalowa malikisi.

Tiyeni tione chitsanzo. Mphunzitsi waphunzitsa mapiriyodi 40 m'teremu: 16 pa kugayidwa kwa chakudya, 12 pa fotosinthesisi, ndiko kuti mmene masamba amapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, 8 pa kayendedwe ka madzi m'zomera, ndi 4 pa maselo. Manambalawa atengedwe m'buku la zimene zinaphunzitsidwadi, osati mu sikimu imene inalembedwa sukulu isanatsegulidwe. Pakati pa teremu pamagwa maliro, masewera ndi misonkhano, ndipo sibwino kufunsa ana mutu umene unangothera papepala.

Ngati mayeso ndi a malikisi 50, mutu uliwonse umalandira gawo lolingana ndi nthawi yake. Kugayidwa kwa chakudya kunatenga mapiriyodi 16 mwa 40, choncho kukuyenera malikisi 20. Fotosinthesisi ipeza 15, madzi m'zomera 10, maselo 5. Mphunzitsi angathe kuwonjezera pang'ono pa mutu umene silabasi yaupatsa zolinga zambiri, bola akhale ndi chifukwa chimene angachinene pamaso pa anzake.

Mbali yapamwamba ija inachokera ku ntchito ya Benjamin Bloom ndi anzake ku America, amene mu 1956 anagawa kaganizidwe m'magulu 6. Pa mayeso a teremu magulu atatu amakwana: kukumbukira, kumvetsa, ndi kugwiritsa ntchito nzeruyo pa chinthu chimene mwana sanachionepo. Mphunzitsi wathu wasankha kuti kukumbukira kutenge malikisi 15, kumvetsa 20, kugwiritsa ntchito 15. Motero malikisi 20 a chakudya aja agawika 6, 8 ndi 6. Pa fotosinthesisi masamu amapereka 4.5, 6 ndi 4.5, ndipo poti funso la theka la malikisi ndi losautsa pochonga, amalemba 4, 6 ndi 5, kenako pa maselo amabweza polemba 2, 2 ndi 1. Madzi m'zomera agawika 3, 4 ndi 3. Akawonkhetsa chotsika ndi chopingasa, zonse zifike 50. Ntchito imeneyi siitenga ngakhale theka la ola.

Chovuta chenicheni chimabwera pamene tikulemba mafunso oti alowe m'timabokosimo, ndipo apa ndi pamene ambiri timadzinamiza.

Kabokosi ka kukumbukira sikavuta. Funso losankha yankho lingafunse kuti ndulu imapangidwa kuti. Yankho ndi chiwindi. Koma mayankho olakwawo akhale okopa. Thumba la ndulu likhalepo ndithu, chifukwa ana ambiri amasokoneza malo opangira ndi malo osungira. Chifu ndi matumbo aang'ono zikhaleponso. Ukaikapo mapapo kapena ubongo, mwana amene sanawerenge amazichotsa mosavuta n'kutsala ndi ziwiri zoti alotepo. Onetsetsaninso kuti yankho lolondola lisatalike kuposa anzake, poti ana anazindikira kalekale kuti yankho lalitali ndi limene mphunzitsi analisamalira.

Pa kumvetsa, mwana afotokoze chifukwa. Mwachitsanzo, n'chifukwa chiyani nsima kapena chinangwa chikatafunidwa kwa nthawi yaitali chimayamba kutsekemera? Ayenera kunena kuti m'malovu muli enzayimu yotchedwa amileze, imene imaphwanya sitachi kukhala shuga wa malitozi.

Kabokosi kachitatu ndi kamene kamandidetsa nkhawa. Aphunzitsi ambiri amatenga ekisiperimenti imene anachita m'kalasi, monga ija yoyesa sitachi pa tsamba ndi ayodini, n'kuiika pamenepo chifukwa ili ndi chithunzi ndiponso ikuoneka yovuta. Koma ngati ana anaiona ndi kuikopera m'makope, akungokumbukira basi. Mawu oyambira funso sasintha kanthu. Chimene chimasintha ndi chakuti nkhaniyo ndi yatsopano kwa mwanayo kapena ayi.

Funso loyenera malikisi 6 aja lingakhale lotere. Machubu atatu ali ndi sitachi wofanana. M'loyamba mwathiridwa malovu ndipo laikidwa m'madzi a madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. M'lachiwiri mwathiridwa malovu koma laikidwa m'madzi oundana. M'lachitatu mwathiridwa malovu amene anayamba awiritsidwa, ndipo nalonso laikidwa pa madigiri 37. Patapita mphindi 20, timadontho ta m'chubu chilichonse tayesedwa ndi ayodini. Mwana anene mtundu umene uoneke pa chilichonse, malikisi 3. Loyamba likhala la bulauni chifukwa sitachi watha, awiri enawo ada mobiriwira. Kenako funso lipitirire: chubu chachiwiri chachotsedwa m'madzi oundana, ndipo chaikidwa pamodzi ndi chachitatu pa madigiri 37 kwa mphindi zina 20. N'chiti chimene sitachi wake athe, ndipo chifukwa chiyani? Malikisi 3 otsalawo ali apa: limodzi potchula chachiwiri, limodzi ponena kuti kuzizira kumangogonetsa enzayimu ndipo ikafunda imayambanso ntchito, limodzi ponena kuti kuwiritsa kumawononga maonekedwe ake kotheratu. Mwana woloweza notsi amanena kuti zonse ziwiri zinafa. Womvetsa amazisiyanitsa.

Mayankho ndi kagawidwe ka malikisi zilembedwe tsiku lomwelo. Ukalephera kupeza mfundo zitatu za funso limene walipatsa malikisi 3, vuto lili ndi funsolo. Ndi bwinonso kupatsa mnzako wa sayansi mafunso opanda tebulo kuti aike lililonse m'kabokosi kamene akuganiza. Pamene mwasiyana, pamenepo pafunika kukonza. Popeza bayoloje imalembedwa m'Chingerezi, mnzakoyo aonenso ngati mawu ena sakutchinga njira, kuopa kuti mwana angalakwe chifukwa cha chiyankhulo pomwe sayansiyo akuidziwa.

Kuchonga kukatha, tebulo lija lisatayidwe. Pa ana 60, sankhani 16 amene akhoza kwambiri ndi 16 amene atsalira, n'kuona mmene magulu awiriwa ayankhira funso lililonse. Ngati 13 a pamwamba apeza funso la ndulu pomwe a pansi ndi 5, funsolo lagwira ntchito yake. Ngati a pansi aposa a pamwamba, mwina yankho la mphunzitsi ndi lolakwika, kapena funsolo likumveka pawiri. Kenako wonkhetsani malikisi a kalasi yonse m'kabokosi kalikonse. Mukapeza kuti ana adzaza timabokosi ta kukumbukira koma funso la machubu lawagwetsa pafupifupi onse, sabata yoyamba ya teremu yotsatira muyambe ndi sitachi, malovu, madzi ofunda ndi botolo la ayodini patebulo.