SHUGA WA VITAMINI A: THANDIZO LAKE NDI POLEKEZERA PAKE

Kuyambira m'caka ca 1998, lamulo la dziko la Zambia linena kuti shuga wogulitsidwa ku mabanja akhale ndi vitamini A. Vitamini ameneyu acinjiriza maso ndi kulimbitsa thupi polimbana ndi cikuku ndi kutsegula m'mimba. Mwana amene amsowa ayamba ndi kusaona bwino kukada.

Nchito yoikamo vitamini icitikira ku fakitale, monga ya ku Nakambala ku Mazabuka. Vitamini abwera ngati timibulu ting'onoting'ono touma. Anchito ayamba atisakaniza ndi shuga pang'ono, nathirako mafuta kuti timamatire ku shugayo. Popanda mafutawo timibuluto tingapatukane ndi shuga, phukusi lina nkukhala ndi tambiri, lina nkusowa. Pambuyo pake makina athira msanganizowo pang'onopang'ono mu shuga wopita ku matumba, pafupifupi kilo imodzi pa makilo 1,000. Kukoma sikusintha, ndipo ndi maso munthu sangazindikire. Comuuza ndi mau olembedwa pa phukusi.

Muyezo wocepetsetsa ndiwo mamiligalamu 10 pa kilo ya shuga. Kilo ili ndi tisupuni ta tiyi pafupifupi 200, motero mwana wa zaka ziwiri wothiriridwa tisupuni tinai m'phala pa tsiku alandira theka la vitamini A amene thupi lake lifuna. Theka linalo liyenera kucokera ku ndiwo zamasamba monga cibwabwa ndi bonongwe, maungu, mango, kandolo wofiira mkati ndi mazira. Kuonjezera shuga si nzeru, pakuti kuononga mano.

Ngakhale thekalo litha kucepa. Vitamini A aonongeka ndi dzuwa, mpweya ndi cinyezi, kotero shuga wopimidwa m'timapepala toonekera ndi kukhalitsa pa dzuwa pa msika sakhalanso ndi mphamvu imene anacoka nayo ku fakitale. Mafuta ophikira oikidwa vitamini A ali cimodzimodzi: afuna botolo lotseka, m'malo a mthunzi, ndipo kukazingira mafuta omwewo kambirimbiri kumaliza vitaminiyo.

Za ufa ndi nkhani ina. Zigayo zazikuru zitha kuikamo ayironi, zinki ndi mavitamini ena, ndipo ku Malawi lamulo likakamiza kutero. Koma banja logayitsa cimanga cake ca m'nkhokwe ku cigayo ca pamudzi silipindulako konse, cifukwa ufa wake sudutsa m'makina amenewo.

Palinso zimene cakudya cotere sicingakonze. Mwana wotupa mapazi ndi wofiira tsitsi ayenera kupita ku cipatala msanga, ndipo akacira afuna nsawa, nyemba, kapenta kapena mkaka m'cakudya cake. Mai wocepa magazi cifukwa ca malungo kapena njoka za m'mimba sadzacira ndi ufa wa ayironi wokha; afunika mankhwala a matendawo.