Inhela Ziwiri ndi Botolo Limodzi: Momwe Mankhwala a Mphumu Amafikira M'mapapo a Mwana

Miyezi ya Juni ndi Julaye ikafika, Chiperoni chikayamba kuwomba, m'nyumba zambiri momwe muli mwana wa mphumu tulo timasowa. Chifuwa chimayamba pakati pa usiku kapena m'bandakucha, mwana n'kumalira ngati kawenzulo akamatulutsa mpweya. Mayi amapapasa mumdima kufuna inhela ya buluu ija, n'kumupopera mkamwa kawiri. Pakapita mphindi zochepa mwana amapezako bwino ndipo amagona. Mawa lake usiku zomwezo zimabwereza. Koma pa shelefu pali inhela ina ya bulauni, imene a dokotala anapereka tsiku lomwelo, ndipo sinakhudzidwe kwa milungu itatu chifukwa "sigwira ntchito".

Inhela imeneyo imagwira ntchito ndithu. Kungoti ntchito yake simveka m'thupi nthawi yomweyo.

Mphumu imachita zinthu ziwiri m'timitsempha todutsa mpweya m'mapapo. Choyamba, khungu la mkati mwa timitsemphato limatupa ndipo limatulutsa makhololo. Kutupa kumeneku kumakhalapo tsiku lililonse, ngakhale pamene mwana akusewera mpira bwinobwino. Chachiwiri, minofu yozungulira timitsemphato imakungika mwadzidzidzi ikakumana ndi utsi wa nkhuni kapena makala, fumbi, mphepo yozizira, chimfine, kapena mwana akathamanga kwambiri. Njira yotupa kale ija ikafinyidwanso, mpweya umasowa podutsa.

Inhela ya buluu imakhala ndi mankhwala otchedwa salubutamo, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ventolini. Ntchito yake ndi kumasula minofu yokungika ija. Imayamba kugwira pasanathe mphindi zisanu, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola ngati anayi. Kutupa kuja siikukhudza n'komwe. Inhela yoteteza, imene kawirikawiri imakhala ya bulauni ndipo imakhala ndi bekilometazoni, ndi imene imachepetsa kutupako. Imagwira pang'onopang'ono: kusintha kumayamba kuoneka pakapita masiku angapo, ndipo pamafunika milungu ingapo kuti mphamvu yake yonse ioneke. Ya buluu ili ngati kutchera beseni pamene denga likudontha, pomwe ya bulauni ndiye kufolera dengalo. N'chifukwa chake yoteteza imapopedwa tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo monga a dokotala analembera, mwana ali bwino kapena ayi. Mwana akabanika, ya bulauni singamupulumutse pa nthawi imeneyo. Pamenepo pamafunika ya buluu.

Mitundu ya inhela imasiyana malinga ndi kampani imene yapanga, choncho kholo liziloweza dzina la mankhwala lolembedwa pa kachitini, osangodalira mtundu wokha.

Kodi kholo lingadziwe bwanji kuti mphumu ya mwana yapitirira poti n'kudalira ya buluu yokha? Chizindikiro chosavuta ndi kuwerenga. Ngati mwana akufuna inhela ya buluu koposa kawiri pa mlungu, ngati chifuwa chikumudzutsa usiku, kapena ngati wayamba kujomba kusukulu ndi kusiya masewera, kutupa kuja sikunagonje. Kachitini kamodzi ka salubutamo kamakhala ndi mapafu 200. Mwana amene akumaliza tizitini titatu kapena kuposa pa chaka ali pa chiopsezo chachikulu cha kubanika koopsa. Mu 2019 bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a mphumu a dziko lonse lapansi, linasiya kulangiza kuti achinyamata ndi akuluakulu azithandizidwa ndi salubutamo yekha, ataona kuti kudalira mankhwala amenewa okha kumabisa matenda amene akukula.

Pali mantha awiri amene amamveka kawirikawiri pakati pa makolo, ndipo onse ayenera kuyankhidwa mosabisa. Ena amati mwana akayamba inhela "azolowera" ndipo sadzasiyanso, choncho amakonda mapiritsi kapena mankhwala akumwa a salubutamo. Inhela siyambitsa chibaba. Ndipo piritsi ndi limene limafalikira thupi lonse lisanafike m'mapapo: limachedwa kugwira, limanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima kuposa inhela, chifukwa mlingo wake ndi waukulu kwambiri. Piritsi limodzi la mamiligalamu 2 lili ndi mankhwala ochuluka ngati mapafu 20 a inhela. Ena amaopa kuti bekilometazoni alepheretsa mwana kukula. Kafukufuku anapeza kuti kusiyana kwa msinkhu kumakhala pafupifupi sentimita imodzi. Sentimita imeneyo ndi yeniyeni, koma siingafanane ndi mwana wogonekedwa m'chipatala kawiri kapena katatu pa chaka akulephera kupuma.

Tsono pali vuto lina limene limagwera inhela zonse ziwiri. Kachitini kakasindikizidwa, mankhwala amatuluka mwa liwiro lalikulu, ndipo munthu amayenera kukoka mpweya pa kamphindi komweko. Akuluakulu ambiri zimawakanika. Mwana wa zaka zinayi amene akubanika sangathe n'komwe. Mankhwala ambiri amangomenya lilime ndi kukhosi n'kumezedwa. Makolo amaona ngati mankhwalawo ndi ofooka, pamene sanafike kumene anatumidwa.

Sipesa ndi kachibekete kapulasitiki kamene kamaikidwa pakati pa inhela ndi kamwa la mwana. Mankhwala amalowa m'menemo, liwiro lawo n'kuchepa, n'kuyandama kwa masekondi angapo, ndipo mwana amawakoka mwa kupuma kwake kwa nthawi zonse. Sipesa za m'mafamase zimadula ndipo sizipezeka paliponse. Apa ndi pamene ntchito ya Pulofesa Heather Zar ndi anzake a ku chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town inathandiza maiko ngati Malawi. Mu 1999 iwo anasindikiza zotsatira zoonetsa kuti botolo lapulasitiki la zakumwa la mamililita 500, loboola kunsi kwake, linathandiza ana obanika mofanana ndi sipesa yogula. Kapu yopepuka ija yomwera tiyi pa misonkhano, imene anaiyesanso, sinachite bwino. Botololi limatsukidwa, kenako kunsi kwake kumaboledwa bowo lofanana ndendende ndi kamwa la inhela, kuti ilowe mothina popanda mpata wothawira mankhwala. Mwana amapumira ku kamwa la botololo. Botolo latsopano limayamba lapoperedwa mapafu angapo mwana asanaligwiritse ntchito, kuti mankhwala oyambawo akute makoma ake.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 6 amene walemberedwa bekilometazoni, mapafu awiri m'mawa ndi awiri madzulo. Mayi amamukhazika tsonga kapena kumuimiritsa, osati chogona. Amavula chivindikiro cha inhela, n'kuikhutchumula bwino, n'kuilowetsa pa bowo la sipesa kachitini kataloza m'mwamba. Mtsikanayo amaika kamwa la sipesa pakati pa mano n'kulitsekera ndi milomo. Mayi amasindikiza kamodzi kokha. Mwana amapuma modekha, kulowetsa ndi kutulutsa mpweya kasanu kapena kasanu n'kamodzi osachotsa pakamwa. Akatha, mayi amadikira theka la mphindi, amakhutchumulanso inhela, ndipo pafu wachiwiri amatsata njira yomweyo. Pomaliza mwana amachukucha mkamwa ndi madzi n'kulavula, chifukwa mankhwala otsalira mkamwa angayambitse tizilonda toyera pa lilime kapena kusasa mawu.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kupopera mapafu awiri kapena atatu m'sipesa nthawi imodzi pofuna kufulumira. Timadontho ta mankhwala timagundana n'kumata m'makoma, ndipo mwana amalandira ochepa kuposa akanalandira pafu mmodzimmodzi. China ndi kupopera kaye kenako n'kumakasaka mwana: masekondi ochepa okha akadutsa, mankhwala ambiri amakhala atakhazikika m'makoma a sipesa.

Mwana wosakwana zaka zinayi nthawi zambiri sangatsekere milomo bwino, choncho amafunika sipesa yokhala ndi chophimba mphuno ndi kamwa. Chophimbacho chizigwira nkhope mosasiya mpata, chifukwa kampata kakang'ono pa tsaya kamataya mankhwala ambiri. Anthu ena amati mwana akamalira ndiye amakoka bwino mankhwala. Si choncho. Wolira amatulutsa mpweya nthawi yaitali n'kukoka mwachidule, ndiye ochepa okha amafika m'mapapo. Ndi bwino kumufukata, kumutonthoza, n'kumulola kuseweretsa sipesa pamene ali bwino kuti asamaiope. Akatha kulandira yoteteza, nkhope yake ipukutidwe ndi kansalu konyowa.

Katsukidwe ka sipesa kamadabwitsa amayi aukhondo. Imatsukidwa pafupifupi kamodzi pa mwezi m'madzi ofunda a sopo wamadzi wotsukira mbale, ndipo imasiyidwa kuti iume yokha, osaitsukuluza ndiponso osaipukuta mkati. Kupukuta pulasitiki ndi nsalu kumadzutsa kamphamvu kokoka tinthu topepuka, ndipo mankhwala amamata m'makoma. Sopo wotsalirayo ndi amene amathetsa kamphamvuko.

Kuwerenga masiku kumafunikanso. Mtsikana uja amagwiritsa ntchito mapafu anayi pa tsiku, ndiye kachitini ka mapafu 200 kamatha m'masiku 50. Kachitini kotha mankhwala kamapitirizabe kutulutsa mpweya ndi kumveka ngati muli kanthu, choncho kholo lilembe tsiku loyambira pa pepala kapena pa bokosi lake, n'kukatenga ina masiku asanakwane.

Mwana akabanika kwambiri, malangizo a GINA amati wa zaka 6 kupita m'tsogolo alandire mapafu 4 mpaka 10 a salubutamo kudzera m'sipesa, mmodzimmodzi, ndipo wocheperapo alandire 2 mpaka 6. Akhoza kubwereza pa mphindi 20 zilizonse mu ola loyamba. Chiwerengero cha mwana aliyense chilembedwe ndi a dokotala m'buku lake la kuchipatala. Koma ngati mwana akulephera kuyankhula, kumwa kapena kuyamwa, ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma, ngati milomo yasintha mtundu, ngati wafooka n'kumasinza, kapena ngati mapafu oyambawo sanathandize, ulendo wa kuchipatala uyambike pomwepo, inhela ikupoperedwa m'njira. Chifuwa chimene chasiya kulira pamene mwana akuvutikabe kupuma ndi chizindikiro choopsa kwambiri: mpweya wachepa moti sukutulutsanso phokoso.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amachitcha Gulupu, kafukufuku wa ana 120 a zaka 6 mpaka 15 anaonetsa kuti ana amene analandira inhela zoyenera pamodzi ndi maphunziro a kagwiritsidwe kake anapeza bwino pakutha kwa miyezi itatu, ndipo kujomba kusukulu ndi kuthamangira kuchipatala mwadzidzidzi kunachepa. Ophunzitsawo sanali madokotala, koma anthu wamba ophunzitsidwa ntchitoyo.

Tsiku lopita ndi mwana kuchipatala likadzafika, tengani inhela zonse ziwiri pamodzi ndi sipesa kapena botolo lija, ndipo pemphani anamwino kuti akuonerereni pamene mukumupopera mwanayo monga mumachitira kunyumba.