Wophunzira akachedwa ku mayeso: pempho kwa oyang'anira ndi kwa mkulu wa dipatimenti

Wophunzira wa kukoleji kapena kuyunivesite amene wafika pa chipinda cha mayeso anzake atayamba kale kulemba amakhala ndi makomo awiri oti agogode. Khomo loyamba ndi la oyang'anira mayeso, amene ophunzira amangowatchula kuti ainvijileta. Lachiwiri ndi la mkulu wa dipatimenti ya phunziro limene likulembedwalo. Anthu awiriwa ali ndi mphamvu zosiyana, ndipo mapempho ambiri amalephera chifukwa chakuti wochedwayo wapempha kwa mmodzi chinthu chimene chili m'manja mwa mnzakeyo.

Chimene chimalamula zonse ndi wotchi. M'malamulo a mayeso a makoleji ndi mayunivesite ambiri muli ndime ziwiri zimene zimayendera limodzi. Ina imati wophunzira saloledwa kulowa pakapita mphindi 30 chiyambireni mayeso, ndipo inayo imati amene ali kale m'kati saloledwa kutuluka mphindi zoyambirira zomwezo zisanathe. Sukulu zina zimaika mphindi zocheperapo, zina zochulukirapo, ndiye nambala yeniyeni imapezeka m'buku la malamulo limene ophunzira amalandira akamayamba chaka choyamba, buku lija ambiri amalitsegula zinthu zitavuta kale. Koma ganizo lake ndi limodzi. Pamene palibe amene watuluka, mafunso adakali otsekeredwa m'chipindamo, ndipo wochedwa sangakhale atawamva. Munthu mmodzi yekha akangopereka pepala lake n'kutuluka, mafunsowo atuluka naye limodzi, ndipo masiku ano foni imawafikitsa kwa anthu ambiri m'kanthawi kochepa. Choncho oyang'anira akamakana kulowetsa munthu amene wafika mphindi 40 zitadutsa, sikuti akumulanga chifukwa cha ulesi. Akuteteza magiredi a ena onse amene akhala pansi aja, chifukwa mayeso amene akayikiridwa kuti anabooka akhoza kufafanizidwa kalasi yonse n'kulembanso.

Apa pakuoneka kuti pempho la pakhomo lili ndi malire ake. Mphindi zololedwa zisanathe, wochedwa sapempha chifundo chachikulu ayi, chifukwa lamulo likumulola kale. Amangofunika kulowa mosasokoneza. Amagogoda pang'ono kapena kuima pamene oyang'anira angamuone, chiphaso cha sukulu chili m'manja, foni atazimitsa ndi kuisiya pamodzi ndi chikwama pamalo amene anzake asiya zawo. Kumene kuli oyang'anira angapo, mawu otsiriza amakhala ndi wamkulu wawo, ndipo ndi amene ayenera kufunsidwa. Mawu ake asachuluke: "Pepani bwana, ndachedwa ndi mphindi 20, minibasi inafera panjira. Ndikupempha kuti mundilole ndilembe m'nthawi imene yatsalayi." Chiganizo chotsirizachi n'chofunika kwambiri, pakuti kawirikawiri wochedwa sawonjezeredwa nthawi. Amene walowa 8:25 pa mayeso a maola atatu oyamba 8 koloko amaika cholembera pansi 11 koloko pamodzi ndi anzake. Kukangana pakhomo pofuna kubwezeredwa mphindi 25 zija kumangodya zina khumi, komanso kumadzutsa mitu ya anthu amene akulemba. Phokoso lotere likhoza kulembedwa mu lipoti ngati kusokoneza mayeso, umene uli mlandu wina pawokha.

Mphindi zija zikatha, nkhani imasintha. Oyang'anira ambiri ndi aphunzitsi amene angopatsidwa chipinda tsiku limenelo, mwina phunzirolo si lawo n'komwe, ndipo akalowetsa munthu kunja kwa lamulo amakayankha okha. Kuwagwadira kapena kulira sikuwonjezera mphamvu zimene alibe. Kuwalonjeza ya fanta n'koopsa kuposa kuchedwako, chifukwa chimenecho ndi chiphuphu, ndipo chikhoza kuchotsetsa wophunzira sukulu. Komabe pali zinthu zitatu zimene oyang'anira angathe kuchita, ndipo ndi zimene wochedwa wanzeru amapempha. Angathe kulemba dzina lake, nambala yake ndi nthawi imene wafika mu lipoti la tsikulo. Angathe kunena ngati pali wina amene watuluka kale. Angathenso kutumiza uthenga kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi yoona za mayeso kuti apereke chigamulo mayeso adakali m'kati. Pa zitatuzi, kulembedwa mu lipoti ndi kumene kumadzathandiza kwambiri pambuyo pake, pakuti kumasiyanitsa munthu amene anabwera mochedwa ndi amene sanabwere n'komwe.

Chitsanzo chingakhale cha mtsikana wa chaka chachiwiri amene amakhala ku Bangwe n'kumaphunzira pa koleji ina mumzinda wa Blantyre. Mayeso ake ndi a 8 koloko. Wanyamuka 6:15, koma minibasi imene wakwera yagundana ndi galimoto ina ku Limbe, ndipo iye wavulala pang'ono pachigongono. Atapeza kabaza wa njinga yamoto, wafika pa chipinda cha mayeso 8:50. Oyang'anira amukana. Iye wapempha kuti alembedwe mu lipoti, ndipo wamva kuti palibe amene watuluka. Atatero sanachoke kupita kukacheza ndi anzake kapena kukayang'ana pafoni, koma wakhala pamalo amene oyang'anira akumuona, foni atawapatsa kuti asunge, kwinaku wina wa ogwira ntchito akukaitana mkulu wa dipatimenti. Zimenezi zimatseka pakamwa aliyense amene angadzanene kuti anauzidwa mafunso panja.

Mkulu wa dipatimenti akafika amayeza zinthu zingapo: ngati mafunso adakali otetezeka, ngati chifukwa chake n'chomveka, ndiponso ngati malamulo a sukuluyo akumupatsa mpata. Kumene mpata ulipo, akhoza kulola kuti mtsikanayo alembe m'nthawi yotsalayo, pepala lake n'kuikidwa chizindikiro kuti komiti ya mayeso idzagamule ngati lilandiridwe. Apa wophunzira ayenera kuwerengera bwino asanavomere. Pofika 9 koloko kwatsala maola awiri pa atatu. Ngati pepalalo lili ndi mafunso anayi a malikisi ofanana, funso lililonse linali ndi mphindi 45, ndiye maola awiri akukwanira mafunso awiri ndi mbali yaikulu ya lachitatu. Munthu amene mtima ukugunda ndipo mkono ukupweteka akhoza kulephera pepala limene akanakhoza bwino tsiku lina. M'sukulu zambiri amene wakhala pansi n'kulemba amatengedwa kuti wavomereza kuti ali bwino, ndipo kudandaula zotsatira zitatuluka sikumvedwa msanga. Nthawi zina chanzeru n'kusalowa, n'kupempha mayeso apadera.

Mayeso apaderawa ali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Pali amene ophunzira amawatchula kuti difedi, operekedwa kwa munthu amene walephera kulemba pa chifukwa chovomerezeka monga matenda, ngozi kapena maliro a m'bale wapafupi. Amenewa amawerengedwa ngati ulendo woyamba, ndipo malikisi onse amene munthu wapeza amakhala ake. Palinso sapu, amene amalembedwa ndi munthu amene analemba n'kulephera. Kawirikawiri pa sapu munthu amapatsidwa giredi yongokhozera basi, ngakhale atayankha bwino chotani. Wochedwa amene wangokhala chete osapempha kanthu amalembedwa kuti sanabwere, ndipo zimenezi zimawerengedwa ngati kulephera. Kumene malamulo ndi okhwima zikhoza kumubwezera chaka, kapena kumuyandikitsa ku kuwidedwa ngati ali kale ndi maphunziro ena amene sanakhoze.

Pempho la difedi limakhala la kalata, ndipo limalembedwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa sukulu zimaika masiku ochepa olandirira zifukwa zotere. M'sukulu zambiri kalatayo imapita kwa lejisitala kudzera kwa mkulu wa dipatimenti ndi mkulu wa fakote, ndiye mkulu wa dipatimenti sagamula yekha, koma ndemanga imene amalemba pa kalatayo imalemera kwambiri. Kalata yabwino ndi yaifupi. Imatchula dzina, nambala ya wophunzira, chaka, dzina ndi nambala ya phunziro, tsiku ndi nthawi ya mayeso. Kenako imafotokoza zimene zinachitika motsata nthawi: ananyamuka 6:15, ngozi inachitika cha m'ma 7 koloko, anafika 8:50, oyang'anira analemba dzina lake. Pomaliza imanena chimene akupempha m'chiganizo chimodzi. Nkhani ya umphawi wa kumudzi ndi ya makolo amene anagulitsa mbuzi kuti alipire fizi ndi yoona kwa ophunzira ambiri, koma komiti siifuna pamenepa. Imafuna umboni.

Umboniwo ndi umene umavuta pa nkhani ya kuchedwa. Wodwala ali ndi buku la kuchipatala lokhala ndi deti ndi chidindo. Woferedwa akhoza kupeza kalata ya amfumu kapena ya kumpingo. Mtsikana wa ku Bangwe uja ali ndi mwayi mwa tsoka, chifukwa ngozi yapamsewu imakhala ndi lipoti la apolisi, ndipo bala lake likaonedwa kuchipatala tsiku lomwelo limalembedwa. Koma amene minibasi yake yangothera mafuta panjira, kapena inaima nthawi yaitali podikira kuti idzaze, alibe pepala lililonse, ndipo makomiti ambiri amaona kuti mavuto a mayendedwe a tsiku ndi tsiku munthu amayenera kuwakonzekera podzuka m'mamawa. Kugonereza ndi kuwerenga molakwika ndandanda wa mayeso sizilandiridwa pafupifupi kulikonse. Zimasiyana ngati ndandandawo unasinthidwa mochedwa kapena chipinda chinasunthidwa popanda chidziwitso chokwanira, pakuti pamenepo cholakwa si cha wophunzira yekha, ndipo chithunzi cha ndandanda wakale pamodzi ndi watsopano chimakhala umboni wamphamvu. Amene chifukwa chake n'chofooka amachita bwino kunena zoona n'kupempha chifundo kusiyana ndi kugula kalata yabodza ya kuchipatala. Madeti ndi zidindo zimafufuzidwa, ndipo chilango cha chinyengo chimaposa kutali cha kuphonya pepala limodzi.

Nthawi zina pempho limadzera mwa munthu wina, monga woimira kalasi, mphunzitsi wa phunzirolo kapena ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Zimenezi zimathandiza makamaka wophunzira akagonekedwa m'chipatala, chifukwa uthenga umafika mayeso asanathe. Makolo akhoza kubweretsa mapepala, koma kuimbira foni akuluakulu odziwana nawo kuti akakamize mkulu wa dipatimenti kumangomuika pamalo ovuta, pakuti chilichonse chimene walola ayenera kudzachifotokoza pamaso pa komiti.

Zonsezi zikukhudza mayeso amene sukulu imakonza yokha. Mayeso a boma, monga a sitandade 8 ndi a fomu 4 amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, ndi ena. Pepala limodzi limalembedwa nthawi imodzi m'dziko lonse, ndipo mphunzitsi wamkulu kapena mkulu wa dipatimenti ya pasukulupo alibe mphamvu yokonza lina. Kumeneko wochedwa amalankhula ndi woyang'anira wamkulu wa pamalo olemberapo, amene amatsata malangizo a bungwelo, ndipo pepala limene laphonyedwa limadikira mayeso a chaka china.