Kubwerekedwa ku Bungwe Lina Osataya Mpando Wako

Sekondimenti ndi dongosolo loti wogwira ntchito akatumikire bungwe lina kwa nthawi yodziwika, koma akhalebe wolembedwa ndi bwana wake wakale, kuti nthawiyo ikatha abwerere pa udindo wake. Mgwirizanowu umakhudza mbali zitatu: bungwe lobwereketsa, bungwe lobwereka ndi munthu mwini wake. Umasiyana ndi kusiya ntchito, komwe kumadula ubale wonse. Umasiyananso ndi tchuthi chosalipidwa, chifukwa pa tchuthi chotero bungwe linalo sililowa m'pangano, ndipo kawirikawiri malipiro ndi ndalama za penshoni zimayamba zaima.

Chitsanzo chabwino ndi cha namwino wa pa chipatala cha boma amene bungwe lochita kafukufuku wa malungo likumufuna kwa zaka ziwiri. Choyamba ndi kalata yochokera ku bungwe lomufunalo, yotchula ntchito imene akagwire, tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi amene azimulipira. Namwinoyo amalemba pempho lake n'kuphatikizapo kalatayo. M'boma la Malawi pempho lotere silidumpha mabwana: limadzera kwa mkulu wa pamalopo, n'kukwera mpaka kwa amene malamulo a ogwira ntchito m'boma, otchedwa Malawi Public Service Regulations, anawapatsa mphamvu yovomereza. Pempho lomveka limanena amene atsale akugwira ntchitoyo ndiponso luso limene chipatala chidzapindule nalo mwini wake akabwerako. Bwana ali ndi ufulu wokana, makamaka ngati m'wodi anamwino ndi operewera kale.

Apa m'pamene ambiri amagwa m'mavuto. Bungwe latsopano limafulumiza, mkulu wa pamalo n'kunena pakamwa kuti "pitani, makalata akutsatirani", munthu n'kunyamuka. Mawu a pakamwa si chilolezo. Wochoka kalata yomumasula isanatuluke akhoza kuwerengedwa ngati wothawa ntchito, ndipo mkulu amene analonjezayo atasamutsidwa, sipakhala womuikira kumbuyo. Kudikira kalata kumapweteka, mwayi nthawi zina n'kudutsa, koma palibe chitetezo china choposa pepalalo.

M'kalata yomumasulayo, chiganizo choyenera kuchiwerenga mofatsa ndi chonena za kubwerera. "Adzabwerera pa udindo wake" ndi "adzabwerera pa udindo wa giredi yofanana" zimamveka ngati chimodzimodzi, koma n'zosiyana kwambiri. Mawu achiwiriwa amalola bwana kumutumiza namwino uja ku chipatala china, ngakhale m'boma lina, bola malipiro asatsike. Wofuna mpando wake weniweni aonetsetse kuti kalata yatchula dzina la udindowo, giredi yake ndi malo ake, komanso kuti woikidwa pamenepo ndi wongogwirizira. Chizindikiro choti zinthu zayamba kupotoka chimaoneka msanga: udindowo ukalengezedwa kuti ukufuna munthu, kapena wogwirizira akapatsidwa kalata yomukhazikitsa, wobwerekedwayo alembe kalata yofunsa nthawi yomweyo, asadikire zaka ziwirizo zithe.

Nkhani ya penshoni imaiwalika chifukwa bala lake limaoneka mochedwa. Lamulo la penshoni la mu 2011 linakhazikitsa kuti olemba ntchito azipereka ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ngati namwino uja ali pa penshoni yosonkherana yotereyi ndipo malipiro owerengera penshoni ndi K600,000, mwezi uliwonse pamafunika K60,000 ya bwana ndi K30,000 yake. Bungwe lililonse likaganiza kuti linzake ndilo likupereka, pa miyezi 24 thumba lake limaperewera K2,160,000, osawerengera phindu limene ndalamazo zikanabala. Choncho pangano litchule amene azitumiza ndalamazi, ndipo mwini wake azipempha sitetimenti ya penshoni chaka chilichonse. Litchulenso ngati zaka zimenezi ziwerengedwe pa zaka zake zautumiki, ngati akhoza kufunsira nawo maudindo okwera akatuluka, ndi amene azimupatsa tchuthi. Malipiro azichokera mbali imodzi monga pangano lanenera. Ngati dzina silinachotsedwe pa mndandanda wa malipiro kwa bwana wakale pomwe watsopano akulipira zonse, ndalamazo zidzafunidwa kuti zibwezedwe.

Pantchito ya tsiku ndi tsiku amamvera bungwe lomubwereka, koma mphamvu yomuchotsa ntchito yake yokhazikika imatsala kwa bwana wakale. Wobwereka akakhumudwa naye amangomubweza. N'chifukwa chake pangano liyenera kunenanso zochitika ngati ntchito ya kafukufukuyo itatha msanga, monga opereka thandizo akasiya kupereka ndalama: chenjezo likhale la masiku angati, ndipo malipiro akale ayambirenso liti.

Nthawi ikayandikira kutha, wobwerekedwa alembe kalata, makamaka kutatsala miyezi itatu, yodziwitsa za tsiku lobwerera kapena yopempha kuwonjezera nthawi. Kuwonjezerako kumafuna chilolezo chatsopano cholembedwa. Akangopitiriza kugwira ntchito kumeneko tsiku lomaliza litadutsa, ufulu wobwerera umafooka, chifukwa pangano limene linausunga latha. Tsiku limene wafika alembe kalata yonena kuti wayambiranso ntchito, bwana aisayine, iye asunge kope lake pamodzi ndi kalata yomumasula ija, chifukwa mkangano ukadzafika ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la Industrial Relations, makalata amenewa ndiwo adzafunsidwe poyamba.