Nsalu Yokukhalani Imaonekera Pankhope

Mng'ono wanga atatsala milungu itatu kuti achite chinkhoswe, anagula chitenje cha mtundu wa tiyi wamkaka. Pamsika, pansi pa tenti yabuluu, chinaoneka chaulemu. Atafika nacho kunyumba anachikolowetsa paphewa n'kutuluka panja, ndipo nkhope yake inangoti mbuu ngati sanadzole. "Achemwali, kodi ndi chomwechi ndagula chija?" anandifunsa. Nsalu inali yomweyo, koma kuwala kunali kwina.

Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, ndipo akatswiri amauyeza ndi muyezo wotchedwa kelevini. Babu lakale lija la nkhosi yofiira lili pafupifupi pa 2,700, n'chifukwa chake chilichonse chimaoneka chachikasu usiku. Kuwala kwa masana kuli cha m'ma 5,500, ndipo tsiku la mitambo kumafika cha m'ma 6,500 n'kupendekera ku buluu. Maso athu amazolowera kusinthaku mwamsanga moti sitikuzindikira. Kalilole wa kuchipinda amakuuzani za babu lanu, pomwe chinkhoswe chidzachitika pabwalo masana. Chithunzi chojambulidwa masana chimathandiza chifukwa mungathe kuika nsalu zisanu moyandikana n'kuziyang'ana modekha.

Koma foni nayo ili ndi khalidwe lake, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Kamera imayesetsa kuti chithunzi chonse chisawale kwambiri kapena kuda kwambiri. Mukaika nsalu yoyera pachifuwa, imaganiza kuti kuwala kwachuluka, ndiye imadetsa chithunzi chonse, nkhope yomwe. Mukaika yakuda, imawalitsa zonse, khungu lakuda n'kuoneka lotuwa. Imachitanso chimodzimodzi ndi mitundu: ikaona nsalu yaikulu ya olenji, imathira kabuluu kuti ifananitse, ndipo kabuluuko kamatera pamasaya anu. Mumathamangira kunena kuti olenji sakukhalani, chonsecho wolakwa ndi foni.

Mankhwala ake ndi kuimanga kamerayo kuti isamasinthesinthe. Khalani pakhonde moyang'ana kunja, pamthunzi pomwe dzuwa silikuombani mwachindunji, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Pewani madzulo dzuwa litafiira, pewaninso pansi pa mtengo wa mango chifukwa masamba amabiriwiritsa khungu. Khoma la njerwa zofiira ndi dothi la katondo nazonso zimabwezera kufiira kwake pankhope, choncho pezani khoma loyera kapena la simenti kumbuyo kwanu. Pukutani mafuta onyezimira pamphumi, musadzole zophodaphoda, ndipo tsitsi likhale momwe lidzakhalire tsikulo. Wojambula aime mapazi awiri kuchokera pomwe mwakhala, azimitse fulashi ndi zosalalitsa nkhope zomwe mafoni ambiri amalemba kuti Beauty, chifukwa zimayeretsa khungu mwakabisira. Kenako adinikize chala pankhope yanu pagalasi la foni kwa kanthawi mpaka chizindikiro cha loko chioneke. Pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF Lock. Ngati foni ili ndi gawo la Pro, asankhe WB n'kuika pa kachizindikiro ka dzuwa kuti mitundu isayendeyende.

Gwirani kapepala koyera pafupi ndi phewa pa chithunzi chilichonse. Kapepalako ndi mboni yanu. Kakaoneka koyera pa chithunzi choyamba koma kabuluu kapena kachikasu pa chachitatu, dziwani kuti kamera yasintha kapena mtambo wadutsa, ndipo chithunzicho chijambulidwenso. Zonse zitheke m'mphindi khumi kuwala kusanasinthe.

Umu ndi momwe tinachitira ndi mng'ono wanga uja. Iye ndi wakuda ndithu, khungu lake lili ndi kufiirira pansi pake ngati mtengo wa mlombwa, ndipo anali ataluka tsitsi lakuda bii. Tinabwereka zidutswa zinayi kwa telala wake, n'kuonjezerapo chitenje chake chija. Chilichonse tinkachikulunga pansi pa chibwano mpaka kuphimba bulauzi yonse. Poyang'ana zithunzi, ndinkaphimba nsaluyo ndi chala chachikulu kuti tione nkhope yokha, chifukwa diso limakopeka ndi mtundu womwe mwini wake amaukonda kale.

Tinkafufuza zinthu zitatu: kunsi kwa maso, milomo, ndi mzere wa chibwano. Pa tiyi wamkaka uja, kunsi kwa maso kunada, milomo inatuwa, nkhope yonse inaoneka yotopa. Pa chikasu chowala cha ndimu, masaya anatenga kabiriwiri kosasangalatsa. Pa chikasu chakupsa cha dzungu, khungu linasalala, maso n'kuwala. Buluu wolimba anachititsa kuti kufiirira kwa khungu kuonekere bwino, chibwano n'kuoneka chojambulika. Maruni sanaipe, koma nsalu ndi khosi zinalowana moti patali sukanadziwa pomwe chovala chikuyambira.

Zimenezi zili ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, nsalu imabwezera kuwala kwa mtundu wake kukhosi ndi kuchibwano, monga momwe tenti yabuluu ija inachitira pamsika. Chachiwiri chili m'diso lenilenilo. Katswiri wa utoto wa ku France, Michel Eugène Chevreul, anafotokoza m'buku lake la mu 1839 kuti mitundu iwiri ikayandikana, uliwonse umakankhira unzake ku mtundu wotsutsana nawo. Buluu amakankhira khungu ku olenji, n'chifukwa chake khungu lofiirira limaoneka lamoyo pafupi naye. Mtundu wotuwa wofanana pang'ono ndi khungu sulikankhira kulikonse, umangolizimitsa.

Tsitsi nalo lili ndi mawu. Sinthani zithunzi zija zikhale zakuda ndi zoyera, muone kusiyana kwa kuwala pakati pa tsitsi, nkhope ndi nsalu. Munthu wakhungu loyererapo wa tsitsi lakuda ali kale ndi kusiyana kwakukulu, ndipo mitundu yolimba monga yofiira ndi yakuda imamuyenera. Wa khungu lakuda ndi tsitsi lakuda amafuna nsalu yowala kuposa khungu lake kapena ya mtundu wokhuta, kuti nkhope isamire. Amayi a imvi kawirikawiri amakongola ndi buluu kapena pepo, pomwe chikasu chofooka chimachititsa imvi kuoneka ngati zafumbi. Mukaika wigi yofiirira kapena kumanga duku, yesaninso, chifukwa tsopano mtundu woyandikana ndi nkhope ndi wina.

Mwina munamvapo zogawa anthu m'magulu anayi potengera nyengo za chaka. Njira imeneyi inatchuka ku America ndi buku la Carole Jackson la mu 1980, ndipo anthu akhungu lakuda ambiri ankangowaika m'gulu limodzi kapena awiri, ngati kuti tonse ndife ofanana. Nayonso njira yoyang'ana mitsempha ya padzanja ngati ndi yabuluu kapena yobiriwira sithandiza pakhungu lomwe mitsemphayo sioneka. Kuika nsalu yeniyeni pansi pa chibwano chanu chenicheni sikufuna gulu lililonse.

Chithunzi chili ndi malire ake. Nsalu yonyezimira ngati satini imasintha mukatembenuka, choncho ioneninso ndi maso pakhomo. Pa chitenje cha maluwa ambiri, funyani maso muone mtundu womwe watsala, ndipo umenewo ndi woti muuyese. Zithunzi zonse muzionere pa foni imodzi, popeza magalasi a mafoni amasiyana.

Mng'ono wanga anasoketsa bulauzi ndi duku za mtundu wa dzungu. Chitenje cha tiyi wamkaka sanachitaye. Telala anati, "Amayi, chimenechi chipite m'chiuno, kutali ndi nkhope," ndipo anachisoka siketi.